Za shopu ya ukalipentala ku Dedza: zitseko zingati pa mwezi?

Azakhali: Ndisanatumize gawo langa la mpamba, wina andiuze. Shopu ya pa boma ija ikuyenera kugulitsa zitseko zingati pa mwezi kuti isamatidyere ndalama?

Mlamu: Tiyambe ndi ndalama zomwe zimatuluka ngakhale tisagulitse kanthu, azakhali. Lendi K120,000, kalipentala K250,000, mnyamata womuthandiza K130,000, gawo lathu kwa mlonda K50,000, magetsi pamodzi ndi laisensi ya khonsolo titaigawa pa miyezi 12, K50,000. Zonse K600,000.

Malume a ku Lizulu: Zinazo ndi zomwe chitseko chilichonse chimadya. Matabwa a paini anayi pa K9,000 lililonse ndi K36,000. Guluu, misomali ndi sandipepa K6,000, vanishi K5,000, thiransipoti ya matabwa K3,000. Chitseko chimodzi chikutidyera K50,000, ndipo tikufuna kugulitsa pa K85,000.

Nambewe: Ndiye phindu ndi K35,000 pa chitseko eti?

Mlamu: Si phindu limenelo achemwali, ndipo ambiri amagwera pomwepo. K35,000 imeneyo ndi yokalipira lendi ndi antchito kaye. Gawani K600,000 ndi K35,000, mupeza 17 ndi kanyenyeswa. Chitseko sachigulitsa theka, ndiye tinene 18. Zitseko 17 zikubweretsa K595,000, tikadaperewera K5,000. Phindu likuyambira pa chitseko cha 18, ndipo ndi K30,000 yokha.

Azakhali: Koma ndani amagula chitseko osanenerera? Munthu abwera ndi K75,000 m'manja, mumubweza?

Mlamu: Funso lenileni ndi limenelo. Mukatsitsa K10,000, matabwa satsika nawo, ndiye yonseyo ikuchoka pa K35,000 ija, kutsala K25,000. K600,000 kugawa ndi K25,000 ndi zitseko 24. Mtengo watsika pang'ono chabe, koma tawonjezera zitseko zisanu ndi chimodzi zongobwezera ndalama.

Malume a ku Lizulu: Ndipo 24 sizitheka. Chitseko cha mapanelo chimatenga tsiku lathunthu: kupala, kuboola, kulumikiza, kenako guluu agone usiku asanachipake vanishi. Masiku ogwira ntchito ndi 26, muchotsepo a maliro ndi omwe magetsi azima, mutsala ndi 20 kapena 22. Chinanso, matabwa akakhala aawisi amapindika, ndipo ndi kuzizira kwa Dedza kuno amachedwa kuuma. Mudzaona chitseko chikukana kulowa mu felemu, kapena mapanelo akusiya mipata patapita milungu ingapo, mwini wake n'kuchibweza. Pa matabwa khumi aliwonse muziwerengera kuti limodzi litayika, ndiye K36,000 ija ikhale K40,000. Zotsala pa chitseko zikhala K31,000, zofunika kugulitsa 20.

Nambewe: Iii, ndiye tili pamalire penipeni.

Achimwene aakulu: Bwanji kalipentalayo tizimulipira pa chitseko, K12,000 chilichonse, m'malo mwa pa mwezi?

Mlamu: Tiwerenge, ndi matabwa a K40,000. Zotuluka mwezi ndi mwezi zitsika kufika K350,000. Chitseko chizidya K66,000, kutsala K19,000 tikagulitsa pa K85,000. Kugawa kwake kukupereka 18 ndi kanthu, ndiye zitseko 19. Kusiyana ndi 20 n'kochepa, koma taonani mwezi woipa. Mu Febuluwale, anthu ndalama zili ku feteleza ndi chakudya, tinene tagulitsa 8 zokha. Pa malipiro a mwezi tiluza K352,000. Polipira pa chitseko tiluza K198,000. Njira ziwirizi zimafanana pa zitseko pafupifupi 21. Kupitirira apo ya pa mwezi ndiyo imatikomera, koma amalume anena kale kuti manja a munthu mmodzi sapitirira 22.

Malume a ku Lizulu: Kuipa kwake, wolipidwa pa chitseko amathamanga. Muvomerezane kuti chobwezedwa akonza popanda malipiro ena. Komanso mmisiri wabwino sangadikire mwezi wa zitseko 8, akapeza kwina.

Azakhali: Nanga otenga pa ngongole? Achibale tomwe tino ndife oyamba.

Achimwene aakulu: Chitseko chomwe sichinalipiridwe tisachiwerengere pa 19 zija, chifukwa eni nyumba safuna lonjezo. Wooda azipereka dipoziti ya K54,000, yokwanira matabwa ndi zipangizo, yotsalayo potenga. Wachibale chimodzimodzi.

Azakhali: Chabwino. Ine ndikugwirizana ndi kulipira pa chitseko, ndipo mtengo usatsike pansi pa K80,000.

Mlamu: Pa K80,000 patsala K14,000, zofunika ndi zitseko 25. Ngati tikufuna mpata wonenerera, tizitchula K90,000 kuti tizigwera pa K85,000.

Nambewe: Loweruka ndikafunsa mitengo ya zitseko m'mashopu a pa boma ndi ku Lizulu, ndione ngati K90,000 anthu angaimve. Amalume, inu mutifunsire matabwa ouma.

Malume a ku Lizulu: Ndifunsa, koma ouma amakwera mtengo. Mlamu, musafufute masamuwo, tidzabwerezanso.