Thandizeni: ndalemba Chichewa, makina akundipatsa mzungu ndi mayi wagona m'chipatala

Nabanda wa ku Chinamwali:
Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhawa. Ndimagulitsa mpunga wa ku Domasi, ndimapakira ndekha m'mapepala a makilo awiri ndi asanu. Ndikufuna chithunzi choti ndiike pa pepala lomata pa mapaketi. Poyamba ndinapatsa ndalama mlamu wanga kuti andipezere munthu, mpaka lero akungoti mawa, ndipo nkhani imeneyo ikafika kwa apongozi ine ndiye ndidzakhale woipa. Pali mayi wina pamsika wayamba kutengera mapaketi anga, mpunga wake ndi wosakaniza koma anthu akugula chifukwa pepala lake ndi lokongola. Ndiye mwana wa mchemwali wanga anandiikira apu yopanga zithunzi pa foni, n'kubwerera kusukulu osandiphunzitsa. Ndikumalemba zomwe ndikufuna m'Chichewa, ndikumasulira ndi foni yomweyo, koma zotuluka zake ndi manyazi okhaokha. Bandulo ikungotha. Chizungu changa n'cha kumsika, sindingalembe ndekha. Ndingamasulire bwanji kuti chilichonse chomwe ndanena chioneke, osasiya kanthu?

Aphunzitsi Opuma (Matawale):
Vuto ndi limeneli! Munkathawa kalasi ya Chingerezi, lero mukufuna foni ikuganizireni. Makina amenewa anapangidwa ndi azungu, amafuna Chingerezi cha galamala, chiganizo chokhala ndi mutu ndi mchira. Zomba uno unali likulu la dziko mpaka 1975, kalaliki aliyense ankalemba kalata yopanda cholakwa. Lero ana a pa yunivesite pompa sangalembe ngakhale kalata yopempha ntchito.

Che Kabaza:
Mayi, ine ndili ndi mnzanga ali ndi kamera pafupi ndi depoti, amajambula bwino, mtengo wake ndi wachibale. Ndikutengeni pa njinga?

Mayi a Tadala:
Achimwene, sanafunse wojambula. Koma inu Nabanda, zomwe munalembazo zili kuti? Tithandiza bwanji tisanazione?

Nabanda wa ku Chinamwali:
Ndinalemba chonchi: "Agogo oyera akhala pakhonde akupeta mpunga m'lichero, avala chitenje chobiriwira ndi duku. Pambali pawo mayi wabereka mwana. Kumbuyo kuoneke phiri la Zomba, dzuwa litapendeka. Pasakhale galimoto kapena mawaya a magetsi." Chatuluka ndi bambo wachizungu wa ndevu zoyera atanyamula dengu, pambali mayi wagona pabedi la m'chipatala ndi khanda, kumbuyo phiri lachisanu losongoka, galimoto yofiira ili pakati penipeni.

Mjomba wa ku Jali:
Kkkkk mpunga wa kuchikuta! Matani chomwecho mayi, anthu agula chifukwa cha chidwi.

Wosindikiza wa ku Mpondabwino:
Amayi, ine ndimapanga mapositala ndipo zoterezi ndimakumana nazo. Makinawo ajambula ndendende zomwe anauzidwa m'Chingerezi. Cholakwika chachitika pa kumasulira, chifukwa Chichewa chanucho chili ndi zinthu zomwe ife timamva popanda kuzinena.

Onani mawu oyamba. "Agogo" sanena ngati ndi aamuna kapena aakazi, ndipo "akhala" ndi mawu aulemu omwe womasulira angawatenge ngati anthu ambiri. Ife tikamva duku ndi chitenje tadziwa kale kuti ndi agogo aakazi amodzi, koma foni imangosankha yokha. "Oyera" inu mukunena khungu lowalirako la Mmalawi, foni yalemba `white`, ndiye mzungu uja. "Wabereka mwana" inu mukunena kumbuyo ndi nsalu, foni yatenga kubereka kwa kuchipatala. Musayambe ndi kumasulira. Yambani mwalembanso Chichewa chomwecho ngati mukufotokozera mlendo amene sanafikeko ku Malawi: munthu mmodzi, wamkazi, wokalamba, Mmalawi, khungu lofiirira. Mayi wachiwiri waimirira, mwana wamangidwa kumsana ndi nsalu. Chiganizo chimodzi chinene chinthu chimodzi. Mukatero ngakhale foni imamasulira bwinoko.

Aphunzitsi Opuma (Matawale):
Ndiye mwavomereza zomwe ndanena ine. Galamala! Ndipo mwaulemu munthu amayamba ndi kupempha, osati kungolamula. Ine ndikanalemba ndime yathunthu, yoyamba ndi kulonjera, kenako kufotokoza mbiri ya mpunga wa m'dambo la Chilwa, kuti makinawo amvetse kufunika kwake.

Wosindikiza wa ku Mpondabwino:
Ayi aphunzitsi, pamenepo tasiyana. Mbiri sioneka pa chithunzi. Mukalemba za dambo la Chilwa akuikirani nyanja ndi mabwato kuseri kwa khonde. Chomwe diso silingaone chisalembedwe.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Inu nonse mukuvutika ndi zazing'ono. Ingowonjezerani kumapeto `8K, ultra HD, masterpiece` basi, chimatuluka chakupsa. Komanso mawu ngati lichero ndi chitenje musamasulire, asiyeni momwemo, makina amadziwa zonse masiku ano.

Nachisale:
Ine zimenezi zinandionetsa zakuda pa ukwati wa mng'ono wanga. Tinalipira munthu kuti atipangire makadi, anabweretsa mkwati ali ndi zala zisanu ndi chimodzi, dzina la mkwatibwi lolembedwa mokhota ngati Chiarabu. Titadandaula anatiuza kuti ndalama sizibwezedwa. Anthu a makompyutawa ndi akuba onse, pepani a Wosindikiza.

Wosindikiza wa ku Mpondabwino:
Palibe kanthu achemwali. Pa za mayina mwanena zoona, makina ambiri amasokoneza zilembo, makamaka za Chichewa. Dzina la mpunga ndi nambala ya foni zidzalembedwe padera chithunzi chitatuluka.

Kwa mnyamata wa ku Chikanda: mawu akowo angawalitse chithunzi, koma mzungu uja angotuluka wowala kwambiri, sachoka. Pa za lichero wanena theka. Kulisiya m'Chichewa n'kwabwino kuposa kulola foni kulisandutsa `basket`, chifukwa `basket` ndi dengu lakuya lokhala ndi chogwirira, lomwe amayiwa aliona. Koma makina anaphunzira pa zithunzi za pa intaneti, ndipo zolembedwa kuti lichero ndi zochepa, ndiye amangolota. Chinthu chathu uchifotokoze maonekedwe ake: ndi chozungulira, chosazama, cholukidwa ndi nsungwi. Chitenje chimodzimodzi: nsalu yamaluwa yomangidwa m'chiuno. Phiri nalonso, ukangoti `Zomba mountain` akupatsa phiri lililonse lomwe alikonda, kawirikawiri losongoka lachisanu. Lathuli ndi lalitali cham'mbali, pamwamba pake pafulati, lili ndi mitengo ya paini. Unene zimenezo.

Amayi, yesani izi:

```
Realistic photo, vertical. One elderly Malawian woman with light brown skin
sits on a low cement veranda, tossing white rice in a flat round woven bamboo
tray. She wears a green wax print wrap skirt and a matching headwrap.
On the right side of the picture, one younger Malawian woman stands with a
baby tied on her back in a cloth. Behind them, a long flat-topped mountain
with pine forest. Late afternoon sunlight, open sky, empty dirt yard.
```

Ndalemba `on the right side of the picture` dala, chifukwa "pambali pawo" sanena mbali, ndipo mukati kumanja kwa agogo, kwa woona chithunzi kumakhala kumanzere. "Dzuwa litapendeka" ndalisandutsa kuwala kwa chakumadzulo, apo ayi akujambulirani dzuwa lokhota. "Chobiriwira" ndaika `green`, koma ena amatchula buluu ndi mawu omwewo, ndiye mundiuze.

Mayi a Tadala:
Nanga galimoto ija mwaisiya bwanji? Iwo anati pasakhale galimoto.

Wosindikiza wa ku Mpondabwino:
Ndaisiya dala. Makina ambiri akaona mawu oti `car` amajambula galimoto, `no` wa patsogolo samulabadira kwenikweni. Zili ngati kuuza mwana kuti usayang'ane m'poto. N'chifukwa chake ndanena zomwe zikhalepo m'malo mwake: bwalo lopanda kanthu ndi thambo loyera. Mapulogalamu ena ali ndi malo akeake olembapo zosafunika. Pa Midjourney mumawonjezera kumapeto:

```
--no car, power lines --ar 4:5
```

Pa Stable Diffusion pali bokosi lolembedwa `Negative prompt`. Koma kuti ndinene zenizeni ndiyenera kudziwa apu yomwe amayiwa akugwiritsa ntchito, sanatiuzebe.

Aphunzitsi Opuma (Matawale):
Chingerezi chanji chimenechi? `Realistic photo, vertical.` Mneni ali kuti? Mwana wanga akanalemba chonchi pa mayeso a Fomu 4 ndikanamupatsa ziro! Mukuphunzitsa anthu ulesi pagulu la anthu masauzande. Ndipo agogo mukuwatchula `elderly woman` ngati munthu wamba, ulemu uli kuti?

Mjomba wa ku Jali:
Aphunzitsi, lembani yanu ya ulemuyo tione ngati satuluka Mfumukazi ili pa Queen's View ikupeta mpunga.

Aphunzitsi Opuma (Matawale):
Iwe ndi wa chaka chanji? Pamene ine ndinkagwira choko iwe unali usanabadwe. Ndikulemba yanga madzulo ano, idzakhala ya ndime zitatu.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Ndime zitatu sizitheka bwana. Zina zakale ngati Stable Diffusion 1.5 zimawerenga tizidutswa ta mawu 77 nthawi imodzi, zotsalazo zikhoza kungodulidwa. Ngakhale ya a Wosindikizayi yapitirira, phiri lili pangozi.

Wosindikiza wa ku Mpondabwino:
Apo wanena zoona, n'chifukwa chake anthu ndawaika koyamba, phiri ndi dzuwa kumapeto. Zatsopano zimalandira mawu ambiri. Amayi, njira yodziwira ndi iyi: lembani pa pepala zinthu zanu, agogo, khungu, lichero, mpunga, chitenje, duku, khonde, mayi, mwana kumsana, phiri, kuwala. Chithunzi chikatuluka chongani chimodzichimodzi. Chomwe chasowa, yambani mwaona ngati chilimo m'Chingerezi. Ngati chilimo koma sichinajambulidwe, chisunthireni kutsogolo, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi kuti mudziwe chomwe chathandiza. Muyang'anenso ngati girini wa chitenje sanafalikire kwa mayi wachiwiri, zimachitika anthu akakhala awiri.

Nabanda wa ku Chinamwali:
Zikomo kwambiri achimwene, ndayesa. Mzungu wachoka, mwana ali kumsana, lichero latuluka lenileni. Chitenje ndi girini yemweyo. Koma nkhope si ya amayi anga. Ine ndimafuna chifanane ndi chithunzi chawo chomwe ndili nacho, tinajambula asanamwalire. Ali ndi mpata wa mano komanso kachipsera pa tsaya.

Mayi a Tadala:
Aaa Nabanda! Chithunzi muli nacho kale ndiye simunanene bwanji poyamba?

Wosindikiza wa ku Mpondabwino:
Pepani ndi imfa ya mayi. Koma apa nkhani yasintha. Mawu sangabweretse nkhope ya munthu weniweni. Mukalemba `gap between her front teeth` ndi `small scar on her cheek` mupeza agogo ena a mpata ndi chipsera, osati amayi anu. Pamafunika apu yolola kulowetsa chithunzi chenichenicho, kenako muiuze chosintha chokha, monga kumbuyo, n'kuwonjezera `keep the face unchanged`. Ngakhale apo nkhope imatha kusinthako pang'ono, muyerekeze ndi choyambacho. Ine ndikanangodula amayiwo pa chithunzi chakalecho n'kuwaika pa malo atsopano, nkhope osaikhudza. Apu yanu dzina lake ndi chiyani, ndipo ili ndi poika chithunzi?

Nachisale:
Koma nkhope ya malemu pa paketi yomwe anthu akataya kudzala? Abale anu mwawafunsa?

Aphunzitsi Opuma (Matawale):
Limenelo ndiye funso! Nkhani zotere zimayamba ndi malume, osati ndi foni.

Nabanda wa ku Chinamwali:
Malume athu ndi nkhani ina, musandiyambitse. Dzina la apu sindikulidziwa, ili ndi kachizindikiro ka buluu. Ndifunsa mwana uja akatsegula foni Loweruka.

Che Kabaza:
Mnzanga wa kamera uja amadulanso zithunzi pa kompyuta. Ndikutengeni mawa?