Chikwangwani cha zilembo zitatu: mmene zinathera

"Msuweni wanga ali ku Yerusalemu wanditumizira chithunzi cha chikwangwani cha mumsewu, chili ndi zilembo zamitundu itatu. Akuti ndimuuze chikunena chiyani. Ndiyambe ndi ziti?"

Pajatu ndinakuuzani, achimwene, kuti muyambe mwafunsa chimene msuweniyo akufuna. Mwabweranso kunena kuti akungofuna kukwera basi yolondola, ndiye yankho lafupika. Zikwangwani za kumeneko zimakhala ndi Chiheberi pamwamba, Chiarabu pakati, pansi zilembo za Chilatini, zomwe timalembera Chichewa ndi Chingerezi. Muuzeni za mzere wapansiwo, umene angathe kuwerenga yekha, kenako mungotchula kuti pamwambapo pali Chiheberi ndi Chiarabu.

Koma musamuuze kuti mizere itatuyo ikunena mawu amodzi musanatsimikize. Dzina la mzindawo pa Chiheberi ndi Yerushalayim, pamene olankhula Chiarabu amati Al-Quds, ndipo zikwangwani zambiri za boma zimalemba Urshalim, Al-Quds n'kubwera pambuyo pake. Akafunsa njira kwa wogulitsa buledi wa Chiarabu, dzina lomwe angamve msanga ndi Al-Quds. Izi ndiye zofunika kumulembera.

Pa nkhani yoti foni yanu inatulutsa zosamveka mutayesa kumasulira nayo chithunzicho, n'kutheka kuti inasakaniza mizere. Chiheberi ndi Chiarabu zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, koma manambala ayi: 18 amakhalabe 18, asasanduke 81. Dulani chithunzicho mzere uliwonse paokha, foni iwerenge umodziumodzi. Mzere umene waphimbidwa ndi utoto kapena sitika, nenani kuti sukuwerengeka, osaulosera potengera inzake.