Mpopi wagwira ntchito pa LED, koma rilei ikukana kulira

Wachoko: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndinalemba kankhani kophunzitsira tiranzisita ngati swichi, poti ophunzira anga akangoona chizindikiro cha miyendo itatu chija amangoti kakasi. Kankhaniko ndi aka:

"Mnyamata ndi mtsikana anatsalira m'labu anzawo ataweruka. Mnyamata anatembenuzatembenuza kanthu kakuda ka miyendo itatu, nati, 'Swichi yanji yopanda podina?' Mtsikana anamukokera ku sinki namulozera mpopi. 'Madziwa akuchokera kuti?' 'M'paipi.' 'Ndiye kolekita ameneyo. Akutulukira pati?' 'Kukamwaku.' 'Emita. Nanga akuwalola kapena kuwaletsa ndani?' Mnyamata anagwira chopotokolera. 'Bezi imeneyo,' anatero mtsikana. 'Wapotokola ndi zala ziwiri zokha, koma taona madzi akutulukawo.' Anabwerera pa tebulo. Mtsikana anagunditsa rezisita ya ku bezi pa waya wa 5 V, kababu ka LED n'kuyaka. Anaichotsa, n'kuzima. Mnyamata anafunsa, 'Ndiye kuti ndingayatse nayo chilichonse?' 'Chilichonse,' anatero mtsikana."

Ophunzira anakakonda. Analumikiza tiranzisita ya BC547 pa 5 V, LED ndi rezisita ya 330 Ω ku kolekita, 47 kΩ ku bezi, emita ku negetivu. Zinayaka pa matebulo onse. Vuto labwera nditawauza kuti achotse LED ndi rezisita yake, aikepo rilei ya 5 V. Palibe yomwe yalira. Ndikailumikiza ku 5 V mwachindunji imalira bwinobwino, ndipo koilo yake ndayeza ndi 70 Ω. Tsopano akundifunsa kuti, "Mpopi tatsegula, madzi ali kuti?" Ndikonze sekiti kapena ndikonze nkhani?

Wamawailesi: Madamu, BC547 ndi yaing'ono, malire ake ndi 100 mA. Ikanipo 2N2222, ija imanyamula yochuluka. Komanso onani miyendo, ana amatembenuza kolekita ndi emita. BC547 mukaiyang'ana kophwatalala, miyendo ili pansi, kuchokera kumanzere ndi kolekita, bezi, emita.

Wachoko: Miyendo ili m'malo mwake, akulu. Sanaisunthe chiyatsire LED.

Mkulu wa wekishopu: Za malire a 100 mA n'zoona, achimwene, koma si chimene chagwira apa. Koilo ya 70 Ω pa 5 V imafuna pafupifupi 70 mA, BC547 ikwanitsa, ngakhale kuti mpata wotsala ndi wochepa. Mukaika 2N2222 koma rezisita ya ku bezi n'kuisiya yomweyo, rilei ikhalabe chete. Ndipo samalani, ena mwa matiranzisita a mtundu umenewo a pulasitiki miyendo yawo inasanjidwa mosemphana ndi BC547, ndiye mungadzionjezere vuto lachiwiri.

Madamu, musanasinthe kanthu, tengani mita muyeze mavoti pakati pa kolekita ndi emita, waya wa ku bezi uli pa 5 V. Mutiuze mwapeza chiyani.

Wachoko: Tebulo loyamba 3.6 V, lachiwiri 3.0 V. Nditabwezerapo LED pa tebulo loyamba lija yatsika mpaka 0.1 V.

Mkulu wa wekishopu: Basi, yankho lili pomwepo. Swichi yabwino ikakhala yoyatsa sipakhala mavoti pakati pa mbali zake ziwiri. Tiranzisita ikatsegukiratu mumapeza 0.1 kapena 0.2 V, nthawi zina kupitirira pang'ono katundu amene mukuyatsayo akalemera. Ikatsekeka mumapeza 5 V yonse. Nambala yapakati ngati 3.6 V yanuyo ikukuuzani kuti mpopi watseguka pang'ono chabe, ukungodontheza.

Tiwerengere limodzi. Pakati pa bezi ndi emita pamatsala pafupifupi 0.7 V, ndiye rezisita ya ku bezi imaona 4.3 V.

```
Ib = (5 - 0.7) / 47000 = 0.09 mA
Ic = 200 x 0.09 mA = 18 mA
```

200 imeneyo ndangoyerekeza kuti tiranzisita yanu imachulukitsa karenti ya ku bezi ka 200. Ndiye chomwe ingalole kudutsa ndi 18 mA basi. LED yanu ndi 330 Ω zimafuna mwina 9 mA, zochepa kuposa 18, n'chifukwa chake tiranzisita inatsegukiratu ndipo munaona 0.1 V. Rilei ikufuna 70 mA koma ikupatsidwa 18. Pa 70 Ω zimenezo ndi 1.3 V yokha pa koilo, yotsala yonse yakhala pa tiranzisita. Rilei ya 5 V singakoke ndi 1.3 V.

Matebulo awiriwo asiyana chifukwa ma BC547 sachulukitsa mofanana. Pepala la opanga limati kuyambira 110 mpaka 800, malinga ndi gulu lake. N'chifukwa chake popanga swichi sitidalira nambala imeneyo. Timaipatsa bezi karenti yopitirira dala, gawo limodzi mwa magawo 10 kapena 20 a karenti ya katundu. Pa 70 mA ndiye pakati pa 3.5 mA ndi 7 mA. Rezisita ya 1 kΩ ikupatsani 4.3 mA, ya 680 Ω ikupatsani 6.3 mA. Iliyonse mwa ziwirizi igwira.

Watsopano pantchito: Pepani akuluakulu, ine ndamva ngati funso ndi la nkhaniyo. Ndikuona kuti mtsikana akudziwa zonse, mnyamata akungovomera. Bwanji onse awiri azisokonezeka, mpopi aupeze limodzi? Ophunzira anga amakonda nkhani imene wina walakwitsa kenako n'kuzindikira yekha.

Wamawailesi: Mwana wathu, tikukonza rilei, si mayeso a zolembalemba ano.

Mkulu wa wekishopu: Musamukalipire, wagunda penapake. Sekiti yalakwika chifukwa nkhani inalonjeza zomwe tiranzisita singachite. Mawu akuti "chilichonse" aja ndiwo apha rilei. Ophunzira anamva kuti mpopi uli ndi zinthu ziwiri zokha, kutseguka ndi kutsekeka, pomwe aliyense amadziwa kuti ukhoza kuupotokola pang'ono madzi n'kumatuluka ngati ulusi. Kudzaza kapu ulusiwo ukwanira, ndiye LED imeneyo. Mnyamata uja abwere ndi ndowa, adandaule kuti sikudzaza, mtsikana amuuze kuti potokola mpaka pothera. Pamenepo ndi pomwe angasinthe 47 kΩ kuika 1 kΩ, n'kuyeza ndi mita. Nambala ziwiri zija, 3.6 V ndi 0.2 V, zilowe m'nkhanimo, ophunzira azidziwa chomwe akufunafuna.

Chachiwiri, mpopi wopotokola ukausiya umakhalabe wotseguka. BC547 siitero. Ukangochotsa karenti ya ku bezi imatsekeka nthawi yomweyo. M'nkhani yanu mtsikana anachotsa waya LED n'kuzima, zomwe zikutsutsana ndi mpopi womwe anangouonetsa kumene. Ikani mpopi wodina, uja wa sipuling'i umene umasiya kutulutsa madzi ukachotsa dzanja. Ukadina mofooka madzi ndi ochepa, ukakanikiza mpaka pansi atuluka onse omwe paipi ingapereke, ndipo kukanikiza moposera apo sikuonjezera kanthu. Chomalizachi n'chofunika, poti pali ana amene aganiza kuti kuchotseratu rezisita ndiye bwino kwambiri. Akalumikiza 5 V molunjika ku bezi, tiranzisita yapita.

Wamaloboti: Ine sindikugwirizana ndi zosintha mpopi. Sinthani tiranzisita. MOSFET ndiyo imafanana ndi mpopi wopotokola, geti yake, mwendo wogwira ntchito ya bezi, sidya karenti ikatseguka, ndipo ukausiya waya wa ku geti m'malere imatha kukhalabe yoyaka. 2N7000 inyamula rilei imeneyo pa 5 V popanda masamu onsewa. Bwanji osayambira pamenepo?

Wachoko: Silabasi yathu imayamba ndi matiranzisita a NPN ngati BC547, akulu, ndipo m'kabati muli BC547 zokhazokha. Komanso "imatha kukhalabe yoyaka" yanuyo ikundiopsa. Ndidzakhala ndi matebulo amene rilei ikulira yokha mwana akangoyandikiza chala.

Wamaloboti: Mumaika 100 kΩ kuchokera ku geti kupita ku negetivu, zatha.

Mkulu wa wekishopu: Mukatero wasandukanso mpopi wa sipuling'i, achimwene, rezisita yanuyo ndiyo sipuling'i. Koma ndivomereze, pali malo amodzi pomwe MOSFET imagwirizana bwino ndi mpopi. Dzanja lopotokola silithira madzi m'paipi. Mu BC547 karenti ya ku bezi imalowadi n'kukatulukira ku emita pamodzi ndi ya ku kolekita. Zikutanthauza kuti imafuna njira yobwerera. Tsiku lomwe ophunzira adzagwiritse mabatire awiri, lina la ku bezi lina la rilei, osalumikiza manegetivu ake, palibe chomwe chidzachitike, ndipo mpopi sudzawauza chifukwa chake. Ine pamenepa ndimangowauza poyera kuti fanizo lathera apa.

Wamawailesi: Chabwino, za rezisita ndamva. Koma palibe amene watchula dayodi. Mukakonza bezi rilei ilira, inde, koma pozima koilo imabweza mavoti ambiri ku kolekita, ndipo BC547 imapirira 45 V yokha. Ndasintha matiranzisita ambiri m'mabolodi obwera kudzakonzetsa, dayodi ya pa rilei itaduka. Ikani 1N4007 kapena 1N4148 mopingasa koilo, mbali ya kamzere iloze ku 5 V. Mukaitembenuza, karenti idutsa m'dayodimo kulambalala koilo, ndipo tiranzisita itentha pompopompo.

Mkulu wa wekishopu: Apa mwalasa. Ndipo mpopi uli nalo yankho lake. Madzi akamathamanga m'paipi yaitali n'kutseka mwadzidzidzi, paipi imagunda kuti khu, chifukwa madzi oyenda safuna kuima nthawi imodzi. Karenti ya m'koilo imachitanso chimodzimodzi. Dayodi imaipatsa kanjira kozungulira m'koilo momwemo mpaka itafooka.

Watsopano pantchito: Nanga rilei ikaikidwa ku emita bwanji? M'nkhanimo madzi akutulukira kukamwa, ndowa imakhala pansi pa mpopi. Mwana aliyense aika katundu ku emita.

Wachoko: Zoona, awiri anachitadi zimenezo ndi LED ndipo inayaka ndithu.

Mkulu wa wekishopu: Iyaka, koma emita imakhala pansi pa bezi ndi 0.7 V nthawi zonse. Bezi ikafika 5 V, katundu alandira 4.3 V kapena kucheperapo, poti rezisita ya ku bezi idyanso yake. Tsiku lomwe mudzafune kuyatsa rilei ya 12 V ndi chizindikiro cha 5 V, ya ku emita idzalandirabe 4.3 V yomweyo. N'chifukwa chake pa NPN katundu amakhala ku kolekita, emita pa negetivu. Mmene mungaziikire zimenezi pa mpopi sindikuona. Ndinayesapo kunena kuti katunduyo ndi kagudumu kozungulira kamene kali m'paipi madzi asanafike pa mpopi, koma ophunzira anafunsa kuti ndowa ija yapita kuti.

Wachoko: Ndaika 1 kΩ ndi 1N4148 pa tebulo loyamba. Rilei yalira, mita ikuonetsa 0.2 V. Nkhani ndiilembanso ndi mpopi wodina, kapu ndi ndowa, ndipo "chilichonse" ndichotsa. Za emita zokha ndizo zandivuta, chifukwa ndikaika ndowa ndiye kuti ndawauza ndekha kuti katundu akhale pansi.

Wamaloboti: Kapena muyambe ndi PNP. Pamenepo madzi amalowera ku emita, katundu amakhala pansi pa mpopi, ku kolekita, ndowa n'kukhala m'malo mwake.

Wamawailesi: Ndiyeno muwauze kuti mpopiwo umatseguka ukakokera bezi pansi, ku negetivu? Madamu anena kale kuti m'kabati mulibe.