Chithunzi ndi chimodzi chokha, mutu wa katuni ukutuluka wophwanyika

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni, mutu wandiima. Ndikupanga kagemu ka ntchito ya kusukulu ndipo ndikufuna munthu wa m'gemumo akhale katuni ya makona ochepa ya malemu agogo anga aamuna. Chithunzi chawo chilipo chimodzi basi, zina zinapita ndi azakhali omwe sitiyankhulana chigawireni katundu. Mnzanga wa m'gulu lathu anadya ndalama ya bandulo, pano foni sayankha. Laputopu ndi yobwereka kwa alamu, amandifunsa m'mawa ndi madzulo. Ndinaika chithunzicho pa webusaiti ina yosandutsa chithunzi kukhala 3D, pulogalamu ya Blender ikuonetsa Triangles pafupifupi 400,000. Nditaika Decimate pa Ratio 0.01 mphuno yalowa mkati, maso aphwanyika. Ndichite bwanji?

Mfumu ya Magemu: VUTO NDI LAPUTOPU. Zinthu za 3D sizifuna makina obwereka. Gulani yokhala ndi khadi la zithunzi, mubwere tikambirane.

Nachisale wa ku Zomba: Pepani za agogo. Laputopu ilibe mlandu apa, katuni ya makona ochepa ndi yopepuka. Decimate sidziwa kuti apa ndi diso apa ndi tsaya, imangochotsa tizidutswa mpaka chiwerengero chikwane. Mwaiuza kuti isiye kamodzi pa 100 alionse, ndiye pa 400,000 patsala 4,000. Chiwerengerocho ndi chokwanira munthu yense wa katuni, koma tizidutswato tagwera malo olakwika. Ine ndikanaumba mutu watsopano pamwamba pa chithunzicho. Dinani 1 wa pa Numpad kuti muyang'ane kutsogolo, kenako Add > Image > Reference. Ikani Mirror kuti muziumba theka la nkhope lokha, linalo lizidzitsatira. Yambani ndi mizere yozungulira diso ndi pakamwa, chifukwa ndi malo amene amapindika munthu akamaphethira kapena kuyankhula.

Mfumu ya Magemu: Mwana akufuna kupereka ntchito, inu mukumuphunzitsa kuumba mbiya. Abwezere Ratio pa 0.1 nkhani ithe.

Nachisale wa ku Zomba: Akatero atsala ndi 40,000 bwana. Nkhope ioneka bwinoko, zoona, koma makona aja akufunawa saoneka.

Che Jafali: Azakhaliwo apiteni ndi ankhoswe. Zithunzi za malemu si za munthu mmodzi. Kwathu zinachitikanso, tinakathera kwa amfumu chifukwa cha wailesi.

Tadala Wojambula: Ine zinandionekera ndi nkhope ya mkulu wanga. Ndinamata chithunzi pa mutu ndi Project from View. Kutsogolo anali iyeyo ndithu, koma nditatembenuza mutu masaya anali atakokeka mizeremizere mpaka kumakutu, chifukwa kamera sinaone m'mbalimo. Chinanso, mthunzi wa pansi pa mphuno umamatirira konko, ndiye m'gemu kuwala kukachokera kwina nkhope imaoneka yakuda mbali yolakwika. Tengani mitundu yokha ndi Eyedropper, wa khungu pamalo opanda mthunzi, wa tsitsi, wa malaya, mupake yosasakaniza, kenako Shade Flat.

Mfumu ya Magemu: Ndiye afanana bwanji ndi agogo ngati chithunzi simumata? Atuluka munthu wamba wa mumsewu.

Tadala Wojambula: Katuni imafanana ndi mwini wake pa zinthu ziwiri zitatu zimene mwazikulitsa dala. Ngati anali ndi dazi, ndevu zoyera kapena magalasi okhuthala, kulitsani zimenezo. Apabanja adzawazindikira msanga kuposa nkhope yomata.

Wa Bandulo Yotchipa: Agogo alowa gemu, azikathamangitsa ndani? Azakhali? Kkkkk

Nachisale wa ku Zomba: Koma achimwene, simunatiuze. Pa chithunzipo agogo ayang'ana kutsogolo kwenikweni, makutu onse awiri akuoneka? Ndipo gemuyo mukupangira mu chiyani?

Membala wobisa dzina: Mu Godot achemwali. Ayang'ana cham'mbali pang'ono, khutu likuoneka limodzi, avala chipewa. Chithunzicho chimalekeza pachifuwa.

Mfumu ya Magemu: Mwaona! Zikanenedwa poyamba. Komanso Godot ya chiyani, anthu ali pa Unity.

Nachisale wa ku Zomba: Apo zasintha. Musatsate chithunzicho mzere ndi mzere muli ndi Mirror, nkhope ituluka yopapatiza kapena yotambalala kutengera mbali imene mwatsata. Chiikeni pambali muzingoonera. Ubwino wake, chithunzi cham'mbali chimaonetsa kutalika kwa mphuno ndi chibwano, zimene chakutsogolo chimabisa. Chipewacho chiumbeni ndithu, chikuphimbirani nkhongo yomwe palibe akuidziwa. Pomaliza Export ngati .glb, Godot imailandira bwino.

Tadala Wojambula: Thupi muumba nokha, manja otambasula ngati chilembo T. Webusaiti ya Mixamo imaika mafupa ulere, koma imafuna thupi lonse, mutu wokha ayi. Mumaloza chibwano, mfundo za manja, zigongono, maondo ndi mphechepeche. Zala ndi nkhani ina, kwa ine zinapindika moipa mpaka ndinangopanga dzanja lopanda zala.

Mfumu ya Magemu: Munthu wopanda zala ndiye agogo a ndani? Pa laputopu imeneyo sizitheka, ndanena kale.

Che Jafali: Nanga achibale mwawapempha kuti malemu muwaike m'masewero?

Membala wobisa dzina: Amayi avomera. Koma laputopu ya alamuyi ilibe Numpad, ndidina pati?