Ndilembe bwanji kwa abwana kuti atulutse ndalama tisiye zokopera pamanja?

Amake Tamanda: Abale thandizeni. Ndimagwira ku ofesi ya holoselo, tili ndi mashopu atatu, Kamwala, Matero na Chilenje, ndiye Lachisanu lililonse amanditumizira ma Excel awo pa WhatsApp ine nkumakopera mzere ndi mzere mu fayilo yaikulu, maola 5 amatha ndithu ndipo lipoti imafika kwa abwana Lolemba. Ndikufuna kupempha bajeti kuti zinthu zizilowa zokha. Ndiyambire pati kuti asakane?

Bambo Phiri wa maakaunti: Mayi, werengani kaye mtengo wake. Maola 5 kwa masabata 52 ndi maola 260, ngati ola lanu ndi K35 ndiye K9,100 pa chaka. Koma musadalire zimenezo zokha chifukwa abwana adzati malipiro ndimakulipirani kale. Chimene chimawawawa ndi katundu. Pezani tsiku limene nambala inakoperedwa molakwika mpaka munaoda shuga wambiri kapena mafuta ophikira anatha pa shelefu, mulembe ndalama imene inatayika. Pepala limodzi basi, ndipo mulekanitse yolipira kamodzi ndi ya mwezi ndi mwezi, ya mwezi ikakhala ya madola nenani poyera kuti kwacha ikagwa idzakwera.

Mnyamata wa ku Kabwata: bajeti yachani amayi, Google Sheets ndi yaulele, ikani fomula iyi, pa link muikepo link ya fayilo ya shopu, kwatha

```
=IMPORTRANGE("link","Sales!A:F")
```

Bambo Phiri wa maakaunti: Ndi zoona achimwene koma ija imakoka kuchokera ku Google Sheets ina, osati ma Excel a pa WhatsApp, ndiye mashopu onse asamuke ndipo pafunika intaneti, bandulo ndi ndalamanso. Komanso wina akangowonjezera kolamu pakati, F yanu ija yasanduka G, mitengo siibwera. Akafuna kukhalabe pa Excel pali Power Query yophatikiza mafayilo, mukaikonza kamodzi mafayilo onse mu foda imodzi nkudina `Refresh All`, bola mitu ya makolamu ifanane.

Anaphiri: Samalani mayi, kwathu anabweretsa sisitemu mnzathu wina ntchito inatha. Mukudzikumbira dzenje nokha.

Amake Tamanda: Ayi asisi, ngongole za makasitomala zikungounjikana palibe woziyang'ana, nthawiyo ipita kumeneko, ndilembamonso zimenezo. Nanga a Phiri, ku Matero amalemba "Shuga 1kg" ku Chilenje "shuga 1 kg", panopa ndimakonza ndi maso?

Bambo Phiri wa maakaunti: Apo mpamene pagona ntchito, makina adzaziwerenga ngati katundu awiri. Katundu aliyense akhale ndi kodi yake, ndipo nthawi yokonza zimenezo muyiike mu bajeti. Pemphani kuyesa shopu imodzi mwezi umodzi uku mukukoperabe pamanja, matotala akafanana muwaonetse abwana.

Mnyamata wa ku Kabwata: nanga malaiti akapita ku Matero tsiku lonse rauta izima, lipoti idzaoneka ngati sanagulitse kanthu. pamenepo a Phiri mukuti bwanji