Chitsime chathu chasanduka phala chigwereni mvula, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale, ndibisireni dzina chifukwa alamu anga ali pagulu pano. Ndimakhala pa lendi kufupi ndi ku Ngabu, ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi chaka chimodzi. Chigwereni mvula ya Loweruka ija madzi a pachitsime chathu ali bii ngati tiyi wamkaka. Mjigo ulipo koma ndi wamchere, nyemba sizipsa, sopo sachita thovu, komanso akomiti akuti sindinalipire miyezi iwiri pamene ndalama ndinapatsira alamu anga omwewo. Bambo a kunyumba ali kuntchito kutali, akaimba foni amangoti "pirira". Dzulo ndinathira kolorini amene tinalandira, kachivindikiro kamodzi m'ndowa, koma madzi sanasinthe, ndipo mwana wapakati wayamba kudandaula m'mimba. Ndamva kuti munthu atha kupanga sefa ya mchenga. Imapangidwa bwanji? Eni nyumba sindikuyankhula nawo chifukwa cha nkhani ya mbuzi zawo, ndiye musandiuze kuti ndikawafunse.

MAKALA NDI DHILU: MAKALA MAYI, MAKALA BASI. Sinjani makala, ikani m'ndowa, thirani madzi, imwani. Ife tinakula tikumwa Shire weniweni, ng'ona ikutiyang'ana, mpaka lero tili gwa. Kolorini ndi wa anthu a m'tauni.

Wakabaza wa pa Dyeratu: Ngati ali ngati tiyi wamkaka ingothiranimo shuga mayi, mwapulumutsa ya mkaka.

Mayi wa ku Makhanga: Musaseke achimwene. Ife madzi atasefukira nthawi ya Freddy mu 2023 tinakhala pamsasa, ndipo ndinaona ndi maso anga munthu wamkulu akufooka tsiku limodzi lokha ndi kolera. Amene akuti anakula akumwa Shire atiuze anzawo angati sanakule nawo.

MAKALA NDI DHILU: Imeneyo ndi nkhani ya pamsasa, ANTHU KUCHULUKA. Pano tikukamba chitsime cha pakhomo.

Mlangizi wopuma, Bangula: Achemwali, mwatiuza za mbuzi ndi za alamu, koma chofunika simunanene. Chitsimecho ndi chomanga ndi njerwa kapena ndi dzenje chabe? Chili ndi chivindikiro? Nanga chimbudzi chili patali bwanji? Ndikufunsa chifukwa chitsime chikavunduka mvula itangogwa, ndiye kuti madzi oyenda pamwamba alowamo, kudzera pakamwa kapena m'ming'alu ya m'mbali. Madzi amenewo asanafike pachitsime amakhala atadutsa pakhola, padzala ndi pachimbudzi. Matope ndi amene mukuwaona, koma chodwalitsa mwana sichioneka.

Za kolorini, simunalakwitse kuthira, mwangolakwitsa nthawi yake. Kolorini sachotsa matope. Ndipo mukamuthira m'madzi ovunduka, mphamvu yake imathera pa zinyalalazo, tizilombo tina n'kubisala m'timibulu ta dothi. Dzulo patapita mphindi 30 munanunkhiza madziwo? Ngati kafungo ka kolorini kanalibemo, ndiye kuti matope anamudya yense.

Membala wobisa dzina: Fungo linalibe ndithu, ndinkaganiza kuti anatipatsa wosukuluka. Chitsime ndi chakale, eni nyumba anakumba okha.

Mtsikana wa ku Nchalo: Ifenso wathu mjigo ndi wamchere zedi. Ndiye sefa imeneyi ichotsa mcherewo? Ngati ikutero ndipange mawa lomwe.

Mlangizi wopuma, Bangula: Ayi mwanangu, mchere unasungunuka m'madzi, umadutsa mumchenga ngati palibe kanthu. Kuwiritsa ndiye kumauwonjezera. Koma mjigo wamchere nthawi ya mvula nthawi zambiri umakhala wotetezeka ku tizilombo kuposa chitsime chosavindikira, bola ngati mcherewo ndi womweka.

Tibwerere kwa mwini funso. Musanaganize za sefa, tungani madzi madzulo, muwasefe pa chitenje choyera chopinda kanayi, muwasiye m'ndowa yovindikira usiku wonse. M'mawa tsanulirani pang'onopang'ono a pamwamba mu ndowa ina, a pansi okhala ndi nsenga mutaye kapena mukolopere. Sefa mukaipatsa madzi a matope osadikha imatsekeka masiku awiri okha.

Sefa yake, pezani ndowa ziwiri za malita 20. Yoyamba muiboole pansi timabowo tambiri ndi msomali wamoto. Pansi pake yalani timiyala tonga mtedza, kukwera zala zitatu. Pamwamba pa timiyala ikani mchenga wokhakhala, zala zitatunso. Kenako mchenga wosalala wochuluka, masentimita 15 mpaka 20, pafupifupi chikhatho chotambasula. Amene amagwira matope ndi mchenga wosalalawu, miyala ntchito yake ndi kuutchinga kuti usatuluke. Pamwamba penipeni ikani mbale yapulasitiki yobowolabowola, kuti pothira madzi musakumbe dzenje mumchenga. Ndowa imeneyi ikhale pamwamba pa inzake yolandira madzi, pakati pakhale chivindikiro chobowola.

Pamene ambiri amagwa ndi pa kutsuka mchenga. Mchenga wa mumtsinje uli ndi dothi lake, ndipo pamene mwautapa mwina ng'ombe zimamwera pomwepo. Utsukeni m'beseni kambirimbiri, muuyanike padzuwa uume. Poyesa, ikani dzanja limodzi la mchenga m'botolo loonekera, thirani madzi oyera, khutchumulani. Mchenga ukatsika madzi n'kutsala oyera, watsukika. Akatsala a mtambo, bwererani kubeseni. Ngakhale mutatero, ndowa ziwiri kapena zitatu zoyamba zituluka zakuda, musataye mtima.

MAKALA NDI DHILU: Ndawerenga zonsezi MAKALA SINDINAWAONE. Mayi inu mwapuma ntchito koma simunapume kusokoneza anthu. Sefa yopanda makala ndi ndiwo zopanda mchere.

Mlangizi wopuma, Bangula: Bambo, makala a pambaula atha kuchepetsako fungo, ndipo wofuna aike otsuka bwino pakati pa mchenga. Koma sapha tizilombo, ndipo akakhalitsa osasinthidwa amasanduka nyumba ya tizilombo tomweto. Mukuwagulitsa kodi?

MAKALA NDI DHILU: Kugulitsa ndimagulitsa koma SI NKHANI YAKE.

Agogo a ku Tengani: Ana inu mwaiwala sangowa, ena amati chamwamba, ali pa mpanda uliwonse kuno kuchigwa. Tengani nthanga zouma, chotsani makoko, sinjani zoyera za m'katizo zikhale ufa. Madzi akakhala ovunduka kwambiri, nthanga imodzi pa lita, ndiye ndowa yonse nthanga ngati 20. Sungunulani ufawo m'kabotolo ka madzi oyera, thirani m'ndowa, takasani mwamphamvu pang'ono, kenako mofatsa kwa mphindi zingapo, musiye ola limodzi kapena awiri. Dothi lonse limagwirana n'kugona pansi. Madzi mbee, kumwa pompo, osafuna mankhwala a azungu.

Mlangizi wopuma, Bangula: Agogo anena zoona mpaka pa "kumwa pompo". Sangowa ndi wothandiza makamaka kwa inu a ku Ngabu, chifukwa dothi la makande ndi losalala kwambiri, limatha kuyandama masiku osatsika ndipo lina limadutsa mumchenga. Koma sangowa amangotsitsa dothi pamodzi ndi tizilombo tina, otsala amatsala. Madzi ake muwatsanule akangodikha ndipo muwagwiritse ntchito tsiku lomwelo, akagona amayamba kafungo.

Agogo a ku Tengani: Ine zaka zonsezi ndamwa choncho.

Mphunzitsi wa ku Chapananga: Funso langa ndi lakuti tidziwa bwanji kuti madzi ayera mokwanira? Diso limanama. Ine ndinapanga sefa ngati imeneyi chaka chatha, madzi ankangothamanga ngati pampopi, kutuluka momwe alowera. Ndinaitaya, ndowa ndikusungiramo mapira.

Mlangizi wopuma, Bangula: Aphunzitsi, akathamanga choncho ndiye kuti mchenga unali wokhakhala wokhawokha, kapena madzi anadzipangira njira m'mbali mwa ndowa. Azituluka ngati kachingwe kakang'ono. Akayamba kungodontha, pamwamba patsekeka, palani mchenga wa pamwamba zala ziwiri, muutsuke, muubwezere. Poyesa kuyera, dzazani botolo loonekera la malita awiri, muliimike pa nyuzipepala pamene pali zilembo zikuluzikulu, musuzumire kuchokera kukamwa kwa botolo. Zilembo zikawerengeka, madzi akonzeka kulandira kolorini.

Ndiye kolorini abwere pomalizira, m'chigubu chosungiramo, osati musanasefe. Wa m'kabotolo wogula kugolosale, kachivindikiro kamodzi pa malita 20 a madzi oyera, tiwiri ngati akadali a mtambo pang'ono. Wosungunula kale amene alangizi a zaumoyo amagawa, tsatirani muyeso umene anakuuzani, ndipo musamusunge nthawi yaitali kapena padzuwa chifukwa amasukuluka. Khutchumulani, dikirani mphindi 30, nunkhizani. Kafungo pang'ono kazimveka. Kolorini akasowa, wiritsani mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, osati kungofunda. Ndipo musamaviike kapu m'chigubu, muzichita kutsanula.

Wakabaza wa pa Dyeratu: Nkhuni zake za kuwiritsa malita 20 tsiku ndi tsiku mugula ndinu? Kuno mtolo ukudula kuposa ulendo wa pa Thabwa.

MAKALA NDI DHILU: NDIYE MWAONA, mapeto ake mwabwerera kwa makala.

Mayi wa ku Makhanga: Inu mukukangana za makala, mwana akudwala. Mayi, ngati wayamba kutsegula m'mimba mupatseni madzi a mchere ndi shuga a m'paketi aja, osungunula m'madzi owiritsa, ndipo chimbudzi chikakhala chamadzimadzi ngati otsukira mpunga musadikire kuche, thamangani naye kuchipatala.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mwana akusewera, sanatsegule. Botolo ndayesa pa madzi ogona usiku, zilembo zikuoneka mwa chizimezime, mawa ndikatapa mchenga. Za chimbudzi mwafunsa zija, chinalipo kumtunda kwa chitsime, mapazi ngati 10, koma chinagwa usiku wa mvula womwewo ndiye pano tikupita kwa aneba. Chitsime chilibe chivindikiro, timangoikapo lata.

Mlangizi wopuma, Bangula: Mayi! Zimenezi ndiye munayenera kuyamba nazo. Chimbudzi chimafunika kutalikirana ndi chitsime mamita 30, ndipo chikhale kumunsi. Chanu chinali kumtunda, pafupi, n'kugwa usiku womwe madzi anavunduka. Musamwe madzi amenewo ngakhale mutasefa. Pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mawa m'mawa. Dzenje la chimbudzi likwiriridwe, chitsime chikapidwe mpaka pansi, chithiridwe kolorini wamphamvu ndi anthu odziwa muyeso, kenako chimangidwe khoma pakamwa ndi simenti mozungulira kuti madzi a mvula azipita kutali. Ngakhale zitatero, dzenje lili pafupi choncho, ine sindingalonjeze kuti chidzakhalanso chabwino. Pakadali pano akumwa katungeni kumjigo, muthire kolorini, sefa ikhale ya madzi ochapira.

Mphunzitsi wa ku Chapananga: Kapena akhinge a mvula padenga, oyamba atayike kaye kuti atsuke malata.

Membala wobisa dzina: Denga ndi la udzu aphunzitsi. Ndipo kumjigo ndipita bwanji akomiti akundifuna miyezi iwiri? Zomanga chitsime ndiye mpaka ndiyankhule ndi eni nyumba, pamene mbuzi zawo zinandidyera chimanga chonse cha pakhonde osapepesa.

MAKALA NDI DHILU: Alamu anuwo ngati ali pagulu pano ABWEZE NDALAMA YA MJIGO. Makala ndikupatsani ulere.