Kodi Radara Inkaonabe Ndege Zikadutsa Gombe la Britain mu 1940?

Abale anga odziwa mbiri ya nkhondo, ndithandizeni. Ndikuwerenga za nkhondo ya mumlengalenga ya ku Britain ya mu 1940, ndipo ndamvetsa kuti nsanja za radara zotchedwa Chain Home zinkaona ndege za Ajeremani zikadali kutali panyanja, n’kutumiza uthenga patelefoni ku Bentley Priory, likulu loyang’anira ndege zoteteza Britain, komwe unkasefedwa usanafike kwa olamulira magulu a ndege.

Chimene chikundizunguza mutu n’chakuti nsanjazo zinkayang’ana kunyanja kokha, moti ndege zikangodutsa gombe, ozitsatira anali anthu a Observer Corps, ndi maso komanso makutu awo. Nanga kukakhala mitambo kapena usiku, oyendetsa ndege za Britain za Spitfire ndi Hurricane ankalondoleredwa bwanji mpaka kukumana ndi adaniwo? Kodi apa m’pamene radara yoikidwa m’ndege momwemo inayambira kufunika?